Masokosi a ubweya kapena a pulasitiki: momwe mungakwerere phiri la Mulanje osabwerako ndi matuza

Chaka chilichonse nyengo yozizira ikayandikira, anzanga amene akukonza zokwera phiri la Mulanje amandifunsa funso limodzimodzi: "Tigule masokosi ati, a ubweya kapena a nayiloni aja?" Ndayankha pafoni, ndayankha m'minibasi, tsiku lina ndinayankha ngakhale pamaliro. Tsopano ndilembe kamodzi.

Yankho lalifupi ndi ili. Ngati mukukagona paphiri m'miyezi ya Juni ndi Julaye, tengani a ubweya wa nkhosa osakaniza ndi nayiloni. Ngati ndi ulendo wa tsiku limodzi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, a ulusi wa pulasitiki akukwanirani. A thonje asiyeni kunyumba nyengo iliyonse. Koma sokosi payokha siteteza phazi. Ndaona anthu ovala masokosi odula akutsika phiri akutsimphina, chifukwa sanachite zimene zili pa nambala 5 m'munsimu.

Muyambe mwadziwa mmene thuza limabadwira, chifukwa malangizo onsewa achokera pamenepo. Ambiri amaganiza kuti nsapato imapala khungu pamwamba ngati mmene mwala umapalira. Si choncho kwenikweni. Khungu lonyowa ndi thukuta limamatirira ku sokosi, sokosi nayo imagwira nsapato, koma fupa m'kati mwa phazi likusunthabe ndi sitepe iliyonse. Khungu limakokeka uku ndi uku mpaka limang'ambika m'kati mwake, pamwamba pali bwinobwino. Kampata kameneko ndi kamene kamadzaza madzi pakapita ola limodzi kapena awiri. Tawerengani: sitepe ya munthu wamkulu ndi pafupifupi masentimita 75, ndiye pa makilomita 20 phazi lililonse limaponda pansi koposa ka 13,000. Kakhwinya kamodzi ka sokosi kakakhala pansi pa chala, kakukokani khungu maulendo onsewo. Khungu louma limatererako pang'ono, koma lachinyezi ndi limene limamata kwambiri. Ntchito ya sokosi ndi kuchotsa chinyezi pakhungu, kukhala yosalala yopanda makwinya, ndi kulandirako kukokana kuja m'malo mwa khungu lanu.

1. Dziwani khalidwe la ulusi uliwonse

Thonje limamwa thukuta n'kulisunga pomwepo pakhungu. Likanyowa limaphwa, limatamuka, n'kuyamba kuunjikana kunsonga kwa zala ndi pansi pa chidendene. Ulendo wanga woyamba ndinakwera ndi masokosi oyera a thonje aja ogula atatu paketi imodzi. Pofika ku nyumba yogona ya Chambe, chidendene chakumanja chinali ndi thuza lalikulu ngati chitsekerero cha botolo, ndipo sokosi inali itamatirira ngati chigamba. Mu 1990 madokotala a mapazi ku America anayerekeza masokosi a thonje ndi a akiriliki, mtundu wina wa ulusi wa pulasitiki, pa anthu othamanga mitunda yaitali. Ovala thonje ndi amene anatuluka matuza ambiri, akuluakulunso.

Ubweya wa nkhosa nawo umamwa chinyezi, koma umachilowetsa m'kati mwa ulusi, pamwamba n'kukhalabe pouma. Ukhoza kumwa madzi olemera pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa. Komanso ulusi wake ndi wopotanapotana ngati sipuling'i, choncho suphwa mukauponda tsiku lonse, umafunditsa ngakhale utanyowa, ndipo umachedwa kununkha: masiku awiri kapena atatu anzanu m'nyumba yogona sadandaula. Wabwino kwambiri ndi wa nkhosa za mtundu wa merino, zimene zimawetedwa kwambiri ku Australia, New Zealand ndi South Africa. Ulusi wake ndi wosalala kwambiri, n'chifukwa chake suyabwa ngati majuzi akale aja. Kuipa kwake n'kwakuti ukanyowa zenizeni umachedwa kuuma, umabooka msanga pachidendene ukakhala wokha, ndipo ndi wodula.

Ndikamati ulusi wa pulasitiki ndikunena poliyesita, nayiloni, akiriliki ndi anzake, umene amaupanga kufakitale kuchokera ku mafuta okumba pansi. Umenewu sumwa madzi. Poliyesita samwa ngakhale 1 peresenti ya kulemera kwake, nayiloni pafupifupi 4 peresenti. Thukuta limangoyenda pakati pa ulusi kupita kunja. Ndiye pali msampha umene ogulitsa sanena: thukutalo liyenera kukhala ndi kothawira. Mu nsapato yansalu yopita mphepo zimayenda bwino. Mu jombo yachikopa kapena nsapato zija zosalowa madzi, thukuta limafika kunja kwa sokosi n'kusowa kolowera, limabwerera, phazi n'kumasambira. M'nsapato yotere ubweya ndiye umaposa. Ubwino wa pulasitiki ndi kuuma msanga, kulimba ndi kutchipa. Fungo lake lokha ndiye ayi, tsiku limodzi basi mwayamba kale kudziwika.

Masokosi abwino a ubweya sakhala ubweya wokhawokha. Ambiri amakhala ndi ubweya theka kapena kuposerapo pang'ono, gawo lotsala nayiloni wolimbitsa, ndi pang'ono pokha ulusi wotamuka uja wogwiritsa sokosi kuphazi.

2. Pakaunjika, musakhulupirire maso

Ambirife masokosi oterewa timawapeza pakaunjika, ndipo amapezeka abwino ndithu ngati muli ndi nthawi yofukula mulu. Vuto ndi lakuti sokosi yokhuthala yaubweyaubweya nthawi zambiri imakhala akiriliki kapena thonje, ndipo masokosi akale sakhala ndi kapepala konena ulusi wake. Wogulitsa adzakuuzani kuti "ndi wulu weniweni, bwana," naye sakudziwa.

Mayeso ake ndi machesi. Tembenuzani sokosi, sololani kaulusi kamodzi m'kati, kayatseni patali ndi mulu wa mwiniwake. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa, moto umazima wokha, ndipo phulusa lake lakuda limafumbutuka mukalitikita ndi zala. Pulasitiki amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kosaphwanyika. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lakenso la pepala, n'kusiya phulusa lofewa lotuwa. Sokosi yosakaniza imachita zonse ziwiri, fungo la tsitsi ndi kampira kakang'ono, ndipo imeneyo ndiyo mukufuna.

Kenako lowetsani dzanja m'kati, muyang'anitse pachidendene ndi pansi pa chala chachikulu. Mukaona khungu la dzanja lanu kudzera mu ulusi, ubweya unatha kale, kwatsala ukonde wa nayiloni wokha. Isiyeni. Papasaninso msoko wa kuzala: ukakhala wokhuthala ngati chingwe, udzakudyani pamwamba pa zala potsika phiri. Ngati sokosi ndi yabwino koma msoko ndi womwewo, muzivala chotembenuza.

3. Yesani sokosi ndi nsapato limodzi, kukadali masabata

Sokosi ikhale yokwana ndendende, chidendene chake chikhale pachidendene chanu, isatsale kunsonga. Italike kupitirira khosi la nsapato. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kugula sokosi yokhuthala kwambiri poopa kuzizira, n'kuikakamiza mu nsapato imene munagula mutavala sokosi yopyapyala. Zala zimapanikizana, ndipo matuza amatuluka pakati pa zala. Mapazi amatupa mukayenda maola ambiri, choncho yesani madzulo, ndipo patsogolo pa chala chachitali pazitsala mpata wokwana chala chachikulu cha dzanja chopingasa. Yendani nazo maulendo atatu kapena anayi a maola awiri, chikwama chili kumsana, pamalo okwera ndi otsika. Pamene pafiira pamenepo pakumbukireni, mupafuna pa nambala 5. Wengani zikhadabo kukadali masiku awiri kapena atatu, osati m'mawa wa ulendo.

4. Sankhani ngati muvala imodzi kapena ziwiri, ndipo nyamulani mapeya atatu

Kuvala ziwiri kumathandiza anthu amene matuza samawachedwa. M'kati muvale yopyapyala kwambiri ya poliyesita kapena nayiloni, yogwira khungu bwino, kunja muvale ya ubweya. Masokosi awiriwo amatsetserekana okhaokha, khungu n'kupuma. Asilikali a ku America anayesa njira imeneyi pa anyamata ophunzira usilikali m'zaka za m'ma 1990, ndipo matuza anachepa. Simufunika kugula zodula: masokosi opyapyala a nayiloni ovalira suti aja amagwira ntchito, bola asakhale a thonje. Koma ngati nsapato yayamba kuthina mutavala ziwirizo, bwererani ku imodzi.

Pa ulendo wogona, mapeya akhale atatu. Awiri oyendera mosinthanitsa, achitatu ogonera okha, omangidwa mujumbo pansi pa chikwama. Ogonerawa musawayendere ngakhale zitavuta bwanji, kupatula tsiku lomaliza.

5. Imani pamene phazi langoyamba kutentha

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalephera ngakhale akudziwa.

Thuza lisanatuluke limachenjeza. Mumamva kamalo kamodzi kakutentha, ngati mwaponda pamchenga wa masana, kapena ngati muli kamwala kamene mukagwedeza phazi sikasuntha. Si ululu weniweni, n'chifukwa chake munthu amati ndikaona tikafika. Kuchokera pamenepo mpaka khungu kung'ambika m'kati sipatenga nthawi, mwina mphindi khumi kapena makumi awiri pachitunda. Mukavula msanga mupeza pofiira chabe, ndipo pamenepo mukhoza kupapulumutsa. Mukapeza poyera pofufuma, mwachedwa.

Chimene chimavuta si luso koma manyazi. Muli pagulu la anthu asanu ndi atatu, mwangonyamuka pa Likhubula ola limodzi lapitalo, onyamula katundu ali kutsogolo ena atavala ma silipasi okha, ndiye inu munene kuti taimani ndivule nsapato? Ambiri amangoluma mano. Musadziyerekeze ndi anyamata amenewo, mapazi awo anazolowera phirilo kuyambira ubwana. Ine ndimanena tisananyamuke kuti pakatha mphindi 45 tonse tikhala pansi, aliyense avule nsapato, kaya akumva kanthu kaya ayi. Zikatero palibe amene amachita manyazi, ndipo nthawi zonse pamapezeka mmodzi kapena awiri amene pafiira kale iwo osadziwa.

Mukapeza pofiira chitani izi mwadongosolo. Vulani nsapato ndi sokosi yomwe, kutumulani mchenga ndi njere za udzu. Pukutani phazi, mulisiye pamphepo mphindi zisanu mpaka liume gwa, chifukwa pulasitala sagwira pakhungu lachinyezi. Pulasitala wake ndi wansalu wampukutu uja wa kufamase, amene amati zinki okusaidi, osati timapulasitala ta mabala tokhala ndi kathonje pakati, timene timamatuka musanayende kilomita. Dulani chidutswa choposa pofiirapo ndi masentimita awiri mbali zonse. Ngodya zake zinayi muzidule zikhale zozungulira, popeza ngodya yosongoka ndi imene sokosi imakola n'kuyamba kupinda. Matani phazi lili mmene limakhalira poponda, osakoka pulasitala, ndipo pasakhale khwinya ngakhale limodzi. Pachidendene pamene pali pobulungira, ng'ambani pang'ono m'mbali kuti agone bwino. Likapezeka khwinya, matulani muyambirenso, chifukwa khwinya la pulasitala limatulutsa thuza loposa limene mumaliopa. Mukamata, tikitani ndi chikhatho kwa theka la mphindi kuti ulimbo wake ufunde n'kugwira. Pachala musazungulize mothina, chala chitupa masana. Povala sokosi, ipindeni kaye mpaka kunsonga, lowetsani zala, kenako muifunyulule pang'onopang'ono kudutsa pa pulasitala. Mukaikoka ngati thumba, imatenga pulasitala yense.

Musavale nsapato musanafunse chimene chachititsa. Ngati ndi kumbuyo kwa chidendene, ndiye kuti chidendene chikukwera ndi kutsika m'nsapato. Nsapato zambiri zili ndi kabowo kowonjezera pamwamba penipeni kamene anthu sakagwiritsa ntchito. Lowetsani chingwe chilichonse m'kabowo ka mbali yake yomweyo kuti chipange kakhutu, kenako pingasitsani, chingwe chakumanja chilowe m'kakhutu ka kumanzere, chakumanzere m'ka kumanja, kokerani pansi n'kumanga. Chidendene chimakhazikika popanda kufinya phazi lonse. Ngati ndi kunsonga kwa zala, phazi likutsetserekera kutsogolo, ndipo kamangidwe komweko kamathandiza. Ngati ndi pansi pa phazi, kawirikawiri sokosi yanyowa kapena yapindika: sinthani.

Amene mukudziwa kale malo anu ovuta kuchokera pa nambala 3, matani pulasitala usiku wa dzulo lake mutasamba ndi kuuma. Amagwira bwino kuposa womata panjira.

Za vaselini: anthu amaikonda, ndipo ola loyamba imaterereradi. Ikayamba kulowa m'khungu ndi m'sokosi, khungu limafewa n'kuyamba kumata kuposa poyamba, fumbi nalo limakakamira pomwepo. Ngati mwasankha vaselini muzipakanso pafupipafupi, ndipo dziwani kuti pamene mwapaka pulasitala sagwiranso tsiku limenelo. Ine ndinaisiya, kupatula pakati pa zala.

6. Sinthanitsani masokosi masana, muwasamale usiku

Tiyerekeze ulendo wa masiku atatu mu Julaye: Likhubula kukagona ku Chambe, kenako ku Chisepo, tsiku lachitatu kukwera Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, n'kuyamba kutsika.

Tsiku loyamba ndi chitunda cha maola atatu kapena anayi, ndipo m'munsi mumatentha ngakhale m'nyengo yozizira. Thukuta limakhala lambiri, chidendene ndicho chili pangozi. Pakati pa njira, pamene mukudya, vulani, yanikani mapazi, valani peya yachiwiri. Yonyowayo itembenuzeni, muikolowetse ndi mapini awiri kunja kwa chikwama iziuma mukuyenda. Pini imodzi siyokwanira, nthambi za m'njira zinandilandapo sokosi yabwino.

Mukafika, ngati dzuwa lilipo chapani peya imodzi yokha, osati onse awiri. Ubweya umafuna madzi ozizira kapena ofunda pang'ono ndi sopo wochepa. Musaufikise pamwala kapena kuupotokola, ndipo madzi otentha amaufupikitsa n'kuulimbitsa ngati chipewa. Finyani ndi manja, kulungani m'chitenje chouma, pondani ndi mapazi kuti chitenje chimwe madzi. M'nyumba za paphiri mumakhala moto, ndiye aliyense amathamangira kuyanika pafupi. Sokosi ya pulasitiki imasungunuka malo amodzi n'kusiya kachigamba kolimba kamene mawa kadzakupalani, ya ubweya imauma gwa n'kufupika. Ikani patali pamene dzanja lanu likhoza kukhala osapsa.

Tsiku lachiwiri likhoza kukhala la chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ija, udzu wa m'njira uli chonyowa. Apa ndi pamene ubweya umabweza ndalama zanu: nsapato zanyowa, koma zala sizichita dzanzi. Vuto limabwera usiku, chifukwa sokosi yokhuthala ya ubweya siuma m'chinyezi chotere. Ikafinyidwa bwino m'chitenje, igonekeni pamimba m'kati mwa malaya usiku wonse. Sizosangalatsa mphindi zoyamba, koma m'mawa imakhala yovalika. Yopyapyala ya nayiloni ija imauma yokha m'maola ochepa, n'chifukwa chake ndimanyamula ziwiri kapena zitatu, sizilemera kanthu. Mukavula usiku mupeza mapazi atayera ndi kuchita makwinya ngati mwachapa tsiku lonse. Khungu lotere limang'ambika mosavuta. Liumitseni kaye pamphepo musanavale masokosi ogonera.

Tsiku lotsika ndi limene limapweteka anthu ambiri, chifukwa onse amaganiza kuti zovuta zatha. Musanayambe chitsetso khalani pansi, valani peya youma kwambiri imene mwatsala nayo, gogodani chidendene kumbuyo kwa nsapato, mangani zingwe mwamphamvu kuposa pokwera. Mukawoloka mtsinje n'kunyowetsa nsapato, musapitirire choncho: khuthulani madzi, finyani sokosi, ndipo ngati youma ilipo sinthani. Mukafuna kuviika mapazi m'madzi ozizira, chitani pamene ulendo watha kapena muli ndi nthawi yowaumitsa bwinobwino.

7. Thuza likatuluka ndithu

Laling'ono losapweteka musaliboole, khungu lapamwambalo ndi chotchinga chabwino kuposa bandeji iliyonse. Dulani kansalu kokhuthala kapena kasiponji, boolani pakati ngati gudumu kuti thuza likhale m'bowomo osapanikizika, phimbani ndi kagozi, kansalu koyera kophimbira mabala kaja, kenako pulasitala pamwamba. Musamate pulasitala pathuza penipeni, pomatula adzachoka ndi khungu.

Lalikulu limene lili poponda liphulika lokha m'sokosi yakuda, ndiye kuli bwino mulitulutse madzi nokha mwaukhondo. Sambani m'manja ndi sopo, tsukani pamalopo, pukutani singano ndi sipiriti kapena muiwotche mpaka ifiire n'kuisiya izizire. Boolani timabowo tiwiri m'mphepete mwa thuza cham'munsi, kanikizani pang'onopang'ono ndi kagozi, khungu lapamwamba mulisiye pomwepo. Pakani ayodini, phimbani monga ndanenera. Zosiya ulusi m'thuza kuti madzi azitsika nazo musachite, ulusiwo ndi njira ya tizilombo. Thuza lamagazi musaliboole.

Kufiira kukayamba kufalikira, pakatuluka mafinya, mukaona mzere wofiira ukukwera mwendo, mwanabele m'mphechepeche kapena thupi kutentha, ulendo wathera pomwepo, pitani kuchipatala. Amene muli ndi matenda a shuga musaboole thuza lililonse nokha. Ndiponso poti mapazi anu mwina samva kutentha kochenjeza kuja, muzivula ndi kuyang'ana ndi maso pa ola lililonse, pansi pa phazi ndi pakati pa zala pomwe.